Funso la Kaunjika Linali ndi Mayankho Awiri

Sukulu ya Loweruka ndinailowa chifukwa cha nsanje. Akazi anga ankagwira ntchito yoyala katundu m'mashelefu pa sitolo ina yopikulitsa ku Limbe, ndipo abwana awo anali atawalonjeza kuti akabweretsa satifiketi ya zamalonda adzawapatsa makiyi a nyumba yosungiramo katundu. Ndiye Loweruka lililonse ankasita bulauzi, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Ine ndinkatsala pabenchi yanga ya kaunjika mumsika wa Zingwangwa, ndikukokerana mtengo wa majinzi ndi makasitomala, mtima uli pa anyamata amataye amene ndinkawaona m'maganizo atakhala nawo desiki imodzi. Chaka chotsatira ndinalembetsa nawo. Ndinakapeza kuti anyamata amatayewo ndi madala adazi ngati ine, ena akusinza mphunzitsi asanafufute n'komwe bolodi. Koma fizi ndinali nditalipira kale, ndipo munthu wa mumsika sasiya chinthu chimene walipira.

Tinakumana m'kalasi imodzi ndi akazi anga chifukwa iwo ankabwereza phunziro la zachuma. Chaka choyamba analephera, mwana wathu atagonekedwa kuchipatala nthawi ya mayeso. Lamulo la pakolejipo linali louma. Pakati pa teremu pamakhala mayeso, ndipo amene sanafike theka saloledwa kulemba mayeso omaliza, amawerengedwa kuti walephera phunzirolo. Ukalephera phunziro limodzi kawiri, amakuchotsa. Kwa ine kulephera kunali kungobwereza. Kwa iwo kunali kutsazika.

Mayeso apakatiwo anali a mafunso 40, osankha yankho pa A, B, C ndi D. Mapepala atabwera, akazi anga anapeza 20. Anatseka maso, n'kugwira pepalalo pachifuwa ngati akulandira mgonero. Ine ndinapeza 19.

“Musadandaule bambo,” anatero tili mu minibasi. “Chaka chamawa ndizidzakuphunzitsani. Ndimatchaja motchipa.”

“Ndidzanenerera,” ndinayankha.

Koma 19 ija inandikhala pakhosi. Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo mtengo woyamba, angalole bwanji kuperewera imodzi? Ndinayamba kulitembenuza pepala lija monga ndimatembenuzira jekete potsegula belo, kufuna pamene lang'ambika. Ndinapapeza pa funso 14.

Funsolo linkati: n'chiyani chingachititse anthu kufuna zovala za kaunjika zambiri, mtengo wa kaunjikayo usanasinthe? A inali yakuti zovala zatsopano zakwera mtengo. C inali yakuti ndalama zimene anthu amapeza zachepa. B ndi D zinali zongodzazira malo. Ine ndinasankha C, n'kuthethedwa. Akazi anga anasankha A, n'kuchongedwa. Kuti A ndi yoona sindinkatsutsa, chifukwa malaya a m'sitolo akadula anthu amathamangira kwa ife. Koma aphunzitsi omwewo anali atatiuza m'kalasi kuti pali katundu wina amene anthu amamugula kwambiri akasauka, n'kumusiya akalemera, ndipo chitsanzo chimene anapereka chinali kaunjika. Ndimakumbukira bwino chifukwa kalasi yonse inatembenuka kundiyang'ana, wina kumbuyo n'kunena kuti, “Akulu, ndiye kuti mumatipempherera umphawi.”

Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi ndinakhala pakhonde n'kuyamba kulemba kalata. Ndinadandaula mafunso atatu. Awiriwo ndinkadziwa kuti ndinalakwa ndithu, koma mumsika umayambira pamwamba kuti akakutsitsa ufike pamene umafuna. Akazi anga anawerenga atandiima kumbuyo, n'kuseka mpaka kukhala pansi.

“Inu, awa si makasitomala anu. Mukayika zabodza ziwirizi, n'choonachi sachiwerenga.”

“Nanga akandikana ndidzatsikira pati?”

“Kusukulu satsika. Bweretsani cholemberacho.”

Anafufuta mafunso awiri aja. Anafufutanso pamene ndinalemba kuti ndine bambo wa ana, ndi pamene ndinati Mulungu adzawadalitsa. Anatulutsa kope lawo la notsi, poti langa linali ndi mitengo ya mabelo m'mphepete, n'kupeza tsamba la phunziro lija. Kalatayo tinailemba m'Chingerezi, iwo akunena ine ndikulemba, ndipo mfundo zake zinali izi:

“Aphunzitsi olemekezeka, ndikulemba mwaulemu kupempha kuti mundithandize kumvetsa funso 14 la mayeso apakati. Ndinasankha C, koma yankho lochongedwa ndi A. Ndikuvomereza kuti A ndi yolondola, chifukwa zovala zatsopano zikakwera mtengo anthu amatembenukira ku kaunjika. Komabe m'kalasi tinaphunzira kuti kaunjika ali m'gulu la katundu amene amafunidwa kwambiri anthu akamapeza zochepa, ndiye ndikuona ngati C ilinso yolondola. Ngati pali pamene ndasokoneza, ndidzathokoza mukandiwongolera. Ndaphatikiza fotokope ya pepala langa ndi ya tsamba la notsi.”

Nditaiwerenga mokweza ndinati, “Koma simunapemphemo malikisi.”

“Munthu wophunzira amva yekha,” anatero. Anaipinda bwinobwino, n'kuiika mu envulopu. Lolemba, popita kuntchito, anatsikira m'tauni kukaisiya ku ofesi ya mlembi, chifukwa madandaulo a mayeso ankalandiridwa sabata imodzi yokha mapepala akabwezedwa.

Ndiyenera kunena zimene zinali m'mutu mwanga, ndi mwawonso. Kwathu mumsika kunenerera kulibe ngozi. Ukapempha kuti akuchotsere, choipa chimene chingachitike n'chakuti akukana, n'kugula pamtengo womwe uja. Sindinaonepo wogulitsa akukweza mtengo chifukwa wamupempha kuti atsitse, kapena kulanda malaya kwa kasitomala wa dzulo chifukwa wa lero wadandaula. Chimene chagulidwa chagulidwa. Ndiye 20 ya akazi anga tinkaiwerengera ngati katundu amene wafika kale kunyumba.

Loweruka lotsatira aphunzitsi analowa atanyamula kalata yathu. Anali bambo wofatsa, wa nsapato zopukuta bwino koma zotha chidendene. Anati wophunzira wina walemba kalata yabwino kwambiri, ndipo ngati aliyense akanamafunsa chonchi, uphunzitsi ukanakoma. Dzina sanatchule, koma ine ndinakhala mowongoka moti aliyense anadziwa. Anavomera kuti A ndi C zonse n'zolondola, ndipo kulakwa kunali kwawo. Akazi anga ananditsina pantchafu pansi pa desiki.

Kenako anapitiriza. Anati mayesowo analembedwanso ndi makalasi a madzulo a aphunzitsi ena, ndiye iwo okha sakanasintha kanthu, anapita nayo nkhaniyo kwa akuluakulu a dipatimenti. Kumeneko anagamula kuti funso la mayankho awiri si funso, lichotsedwe kwa aliyense, ndipo mapepala onse awerengedwe pa 39.

Masamu a pamsika ndi achangu. Ndisanapume kawiri ndinali nditaona kuti 19 pa 39 sifika theka, ndiye ine ndatsala pomwe ndinali. Ndinatsala pang'ono kudziseka. Kenako ndinakumbukira kuti pa 20 ya akazi anga, imodzi inali ya funso 14. Ndinatembenuka. Iwo anali atawerengetsa kale. Dzanja lawo linali likadali pantchafu yanga, ndipo ndinamva likuchoka pang'onopang'ono.

Titaweruka ndinawatsatira aphunzitsi mpaka pakhomo la ofesi.

“Bwana, ndabwera kudzatenga kalata yanga. Ndasintha maganizo. C ija ndi yolakwa.”

“Si yolakwa, bambo.”

“Ndiye chongani zonse ziwiri, aliyense apite kwawo akusangalala.”

“N'zimene ndinapempha ineyo. Anandikana. Akuti mayeso ayenera kuyeza onse ndi muyezo umodzi.”

“Chabwino, tigwirizane chonchi. Ine ndichotseni zisanu, ndichotseni khumi, mayiwa muwabwezere imodzi yawo.”

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana akazi anga amene anaima chapatali pafupi ndi bolodi la zidziwitso. Pamenepo m'pamene anadziwa kuti ndife banja. Anavula magalasi n'kunena motsitsa mawu kuti malikisi sasamutsidwa, ndipo mndandanda watsopano wapita kale ku ofesi ya mayeso. Anatilangiza kuti tichite apilo, ndipo iwo alembapo mawu otiikira kumbuyo.

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinadandaula, ndinaseketsa, ndinatchula mwana. Ndinachita ngakhale zija zonyamuka ngati ukupita kuti akuitane. Ndinayenda mpaka kumapeto kwa khonde, koma palibe anandiitana.

Apilo tinachita. Kalata imeneyo akazi anga analemba okha, sanandifunse ngakhale liwu limodzi. Yankho linabwera mayeso omaliza atatsala pang'ono: chigamulo chinakhudza ophunzira onse mofanana, ndiye sichingasinthidwe chifukwa cha munthu mmodzi. Anawonjeza kuti akazi anga akhoza kudzafunsiranso malo n'kuyambira chaka choyamba. Abwana a ku Limbe sakanadikira zaka zina ziwiri. Makiyi aja anapatsa mtsikana wina wa ku Bangwe amene akazi anga anamuphunzitsa okha ntchito.

Ndinkafuna andikalipire. Kukalipiridwa ndimakudziwa, ndimadziwa poyankha ndi pokhala chete. Koma sanatero. Tsiku lina ndikuwathandiza kuanika zovala ndinati, “Mayi, nenani chilichonse. Nenani kuti ndine chitsiru.”

“Chitsiru chake chiti? Munalakwa chiyani? Funso linali lolakwika.” Anakung'untha malaya a mwana. “Komanso kalata ija ndinakonza ndine. Ikanapita mmene munalembera inu muja, akanangoiseka n'kuitaya.”

Mawu amenewo sanawanene mondinyoza, n'chifukwa chake amandipwetekabe.

Tsiku la mayeso omaliza linagwa Loweruka. Akazi anga anadzuka m'mawa monga mwa masiku onse, n'kunena kuti anditsatira kumsika, poti panyumba pawatopetsa. Anakhala pa belo kuseri kwa benchi, akupinda masiketi amene makasitomala ankasokoneza. Chakumasana kunabwera mayi wina, ananyamula diresi n'kufunsa mtengo. Ndinatchula. Anati ndimuchotsereko. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe nyimbo yanga ija, yakuti belo lakwera, msonkho wakwera, ana akudikira. Sinatuluke. Akazi anga anadzutsa mutu, anandiyang'ana, kenako anauza mayiyo kuti, “Tengani, mayi. Perekani zomwe muli nazozo.” Anamuikira diresilo m'jumbo, n'kubwerera ku masiketi awo.