Alufandika kapena Alfandika

Amalume anga, bambo Alufandika Mbewe a ku Rugare, komboni ya anthu a kunjanji kuno kudziko la Ashona, anakonza mabuleki a sitima zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atapuma pantchito anayamba kukonza mapampu a zitsime, poti kuno mipopi imangotulutsa mpweya. Zimene akudziwa amazilemba pafoni ndi chala chimodzi, n'kuziika pa webusaiti yomwe ndinawapangira nditangobwera kuchokera ku Leeds, ku England.

Pansi pa nkhani iliyonse pankaoneka dzina loti Admin, limene webusaiti imaika yokha wolemba akapanda kutchulidwa. Mayi Gamuchirai, mkonzi wa magazini ina ya alimi, ankafuna kumasindikiza nkhanizo, koma anati sangauze anthu kumasula pampu potsatira mawu a munthu wosadziwika. Amalume ankalifuna danga limeneli, ngakhale pakamwa ankati zilibe kanthu.

Ndinawauza kuti pakufunika tsamba lonena za iwo: dzina, chithunzi, ntchito imene anagwira, ndipo dzina lawo pa nkhani iliyonse lizitsegula tsambalo. Sikuti Google iwakweza pompo pamndandanda wa zimene anthu amafufuza, koma owerenga ndi makina omwe adziwa wolembayo.

"Ndilembe ndekha kuti ndine katswiri? Iwe Tsitsi, mbiri ya munthu amanena ena, pamaliro. Ine ndikadapuma."

"Ku England aliyense amadzilembera, amalume."

"N'chifukwa chake wabwerako."

Tinagwirizana kuti pasakhale mawu otamanda, koma zokhazo zimene munthu angakafufuze n'kuzipeza. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu n'kutulutsa satifiketi yawo ya umakaniko. Inati Alfandika Mbeve. Kalaliki wa kunjanji analemba dzinalo mmene linamvekera m'khutu lake la Chishona, iwo osatsutsa, poti ntchito inali itapezeka. Pa Facebook anali Sekuru Mabhureki, ndiye kuti Agogo Mabuleki m'Chishona. Kutchalitchi, Alufandika.

"Kwa Google ndinu anthu atatu," ndinatero. "Sankhani mmodzi."

Anandipatsa pepala lija.

"Lemba limene anandipatsa amayi. Koma Mbeve uja usamutaye, ndi amene ankadzuka m'mamawa zaka zonsezo."

Tinaika Alufandika Mbewe paliponse, pa Facebook ndi m'mizere yobisika imene makina ofufuzira amawerenga. Patsambalo tinawonjezera chiganizo chimodzi: mapepala a kunjanji amawatchula Alfandika Mbeve. Chithunzi anakana kujambulitsa atavala jekete. Pachithunzipo ali mu ovolosi, atagwada pachitsime cha mayi Rosa oyandikana nawo.

Patatha sabata mayi Gamuchirai anaimba. Anali atafunsa kubungwe la opuma ntchito kunjanji. Mbewe sanamupeze, koma Mbeve aliyense ankamudziwa, mpaka wina anati ndiye anamuphunzitsa kugwira sipanala. Nkhani yoyamba ituluka mwezi wamawa.

Amalume anadula foni, n'kupukuta manja pa ovolosi ngakhale anali oyera.

"A Admin aja uwauze bwinobwino kuti ntchito yatha," anatero. "Asakhumudwe. Atithandiza."