Alamu Atsika pa Chikwangwani

Anthu ankamutcha Penti, chifukwa malaya ake onse anali ndi madontho, ngakhale opita nawo ku ukwati. Anayamba kulemba zikwangwani asanamere ndevu: za mabutchala, za ometa, za pamalole. Kashedi kake kanali kuseri kwa sitolo ya matayala. Sankalankhula zambiri. Akagwira burashi ankangotulutsa nsonga ya lilime, basi.

Chaka china sukulu inamanga laibulale, ndipo aphunzitsi aakulu anamubweretsera mayina ochuluka zedi a anthu amene anathandizapo.

"Muwalembe motsata alifabeti, poyang'ana dzina la bambo," anatero. "Pasaoneke wamkulu kapena wamng'ono."

Mayinawo anali atasanjidwa kale pa kompyuta, koma makinawo anangotsata chilembo choyamba cha mzere. Abusa onse anaunjikana pa A ngati ali pamsonkhano, madokotala pa D, amayi pa M. Mlendo wina, wa dzina loyamba ndi É ya kamzere pamutu, anaponyedwa kumchira, kuseri kwa Z.

Penti anadula mapepalawo ndi sizasi, dzina lililonse kachidutswa kake, nayala pansi ponse, kamwala pamwamba. Udindo ankaupindira kumbuyo: pachikwangwani ulembedwa, koma posanja suwerengedwa. É anaibweza pakati pa ma E anzake, Ŵ pakati pa ma W. Ofanana dzina la bambo anawasiyanitsa ndi dzina loyamba. Za mayina achizungu oyamba ndi timawu "De" ndi "van" anafunsa eni ake. Wina anati De ndi mutu wa dzina lake, napita pa D. Wina anati van ndi kachokolowekera chabe, amusake pa dzina lotsatira.

Vuto linali limodzi. Pakati pa madokotala panali wa mano, mchimwene wa mkazi wake. Pa kompyuta anali pamwamba ndithu, ndipo anali atauza kale odwala onse amene anawayasamitsa. Koma dzina la bambo ake linkayamba ndi Z.

Anafika kushedi atavala tayi, nayenda chonyang'ama pakati pa timiyala.

"Alamu, ndili pati?"

Penti analoza ndi chala cha kuphazi, pafupi ndi chitseko.

"Kuno? Komaliza? Zaka zonse zija ndinkawerengera kuti ndikhale pansi pa wogulitsa matayala?"

"Iye ndi B, alamu."

"Ine ndine D!"

"D ndi ntchito yanu."

"Tsiku lina dzino lidzakuwawani," anatero dokotala, natuluka, kachidutswa ka mbusa wina katamatira kunsi kwa nsapato. Penti anamutsatira mpaka pamsewu kukakatola.

Kunyumba nkhani inali itafika kale. Mkazi wake anamuikira chakudya osamuyang'ana.

"Bambo a ana, achimwene anga ndiwo anandilipirira sukulu. Kungowakweza pang'ono, burashi ingathyoke?"

"Ndikakweza mmodzi, mawa abusa onse ali pakhomo."

"Ndiye mukadye kwa abusako."

Kuyambira pamenepo m'nyumba munalowa chisanu. Mkazi ankamulankhula kudzera mwa mphaka. "Uwauze abambo ako kuti madzi apola." Penti, amene pa moyo wake wonse ankakonda bata, anapeza kuti bata la mkazi limawawa kuposa phokoso. Tsiku lina anatola kachidutswa ka alamu, nakaika pakati pa ma D, nakayang'ana nthawi yaitali. Kankaoneka ngati nkhuku pakati pa abakha. Anakabweza.

Chikwangwani chinatha, chachitali kuposa chitseko. Koma m'laibulale makoma onse anali atadzaza mashelefu a mabuku, ndipo malo okha otsala anali pamwamba pa tebulo la wobwereketsa mabuku. Akalipentala anachikhoma pamenepo, mutu wake ukugunda denga.

Pa tsiku lotsegulira, a pa A ndi B anapinda makosi, kuphimba maso ndi manja ngati akufunafuna ndege kumwamba. Mayi wina anakwera pampando kuti aone dzina lake. Anthu ojambulitsa zithunzi ankaima patebulo, ndipo pa chithunzi chilichonse, pamwamba penipeni pa mitu yawo, pankatuluka mzere womaliza, dzina la dokotala wa mano likuwala.

"Ine ndinawauza alamu angawa kuti tsatirani lamulo, musaone nkhope," dokotala ankauza aliyense, dzanja lili paphewa la Penti.

Wogulitsa matayala anabwera akusisita khosi.

"Amwene, simungachitembenuze? Chiyambire pa Z?"

Mkazi wa Penti ndiye anamuyankha, akukonza kolala ya mwamuna wake.

"Abambo akwathu sasintha zinthu chifukwa cha munthu. Tiyeni, bambo a ana, tiyi akuzizira."