Kagogodo ka Aphunzitsi a Chifalansa

Ku sekondale yathu ya masana ku Mitundu, ophunzira Chifalansa tinali ochepa, okwana pamabenchi awiri. Anzathu ankatiseka kuti tikayankhula ndi ndani, mbuzi za pamsika? Aphunzitsi athu, bambo wamtali wa ku Nathenje, ankangomwetulira. Ankatikonda mopitirira muyezo, ndipo mpaka lero ndimawasowa.

Chomwe chinkatizunza ndi mchira wa mneni. Ankalemba pabolodi kuti J'ai acheté des mangues, ndagula mango. Mango ali pambuyo pa mneni, choncho acheté sasintha. Koma mango akatsogola, les mangues que j'ai achetées, mango omwe ndagula, mneni amavala e chifukwa mawu akuti mangues ndi achikazi, ndi s chifukwa ndi ambiri.

"Inunso mumatero," ankatiuza. "Mumati ndagula nthochi, koma nthochizo ndazigula. Ka zi kaja kachokera kuti?"

Vuto linali lakuti zi wathu amamveka, pomwe acheté ndi achetées m'khutu ndi chimodzimodzi. Tsono potiyesa kulemba zomwe akuwerenga, chisoni chinkawagwira. Pofunika e ankagogoda patebulo ndi chala, pofunika s ankatsokomola pang'ono. Ine makutu anga anali akuthwa. Ndinkakhoza zonse, lamulolo osalilabadira n'komwe, n'kumayenda mapewa m'mwamba.

Tili Fomu 3 kunabwera uthenga wa mpikisano wa Chifalansa mumzinda wa Lilongwe, sukulu iliyonse mwana mmodzi. Ine m'tauni ndinali ndisanagonemo. Mayi anachapiratu yunifolomu yanga, abale onse anamva kuti ndikupita. Pofuna kuti pasakhale zokondera, aphunzitsi anapempha mayi wina wodziwa Chifalansa wochokera ku Burundi, wagolosale pamsika, kuti adzatiwerengere mayeso osankhira.

Mayiyo anawerenga bwino zedi, manja atapinda pachifuwa. La chèvre que j'ai prise, mbuzi yomwe ndatenga, ndinakhoza, poti pamenepo mchira umamveka. Atafika pa les filles que nous avons vues, atsikana omwe tawaona, ndinadikira kagogodo, koma kunali zii. Ndinayang'ana aphunzitsi pazenera, iwo anayang'ana kumbali. Ndinalemba vu wopanda mchira, ndipo enanso otsatira ndinawasiya chomwecho.

Anapambana ndi mtsikana wa benchi yakumbuyo, yemwe khutu lake limodzi silinkamva bwino. Kagogodo kaja sikankamufika, ndiye iye nthawi zonse ankabwerera m'chiganizo kukafufuza chomwe chatsogola.

M'mawa wa ulendowo tinamuperekeza pasiteji. Nsanje inandigwira, sindibisa. Minibasi itanyamuka, aphunzitsi anandigwira paphewa.

"Chifundo chinapha nkhwali, mwana wanga. Wolakwa ndine. Lolemba ubwere ndi kope latsopano, tikayambirenso."

Ndinavomera ndi mutu. Kenaka ndinayenda pang'onopang'ono kubwerera kunyumba, poti mayi anali atauza kale anthu a kumpingo kuti mwana wawo lero ali m'tauni.