Ankati Ndinawadula Apongozi

Dzanja langa lamanzere silitambasuka bwino mpaka lero. Anthu akandifunsa ndimangoti ndinagwa pangolo, koma ndi bodza. Analithyola ndi amuna anga, ndi mpini wa khasu, dzuwa lili paliwombo, anthu akuonerera.

Ndinali kuchitengwa cha ku Chiparamba. Amuna anga anali kondakitala wa basi za ku Lusaka, ndipo kunyumba ankangobwera mwa apo ndi apo. Pakhomo tinkatsala ine ndi amayi awo. Apongozi angawo anali mayi ojintcha, a BP ya zaka zambiri ndi shuga pamwamba pake. Tinkagwirizana, ngakhale pakamwa pawo panali poyabwa ngati panga.

Matenda anayamba ndi befu. Kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe, ayime kaye apume. Kenako miyendo inatupa, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Chagada samagona, ankatsamira thumba la mtedza uku akutsokomola. Kukiliniki anatitumiza kuchipatala ku Chipata, kumene anawapaka mafuta oterera pachifuwa n'kuyendetsapo kachida kounikira mtima. Wounikayo anati mtima ukupopa mwamphamvu, ndipo tidzabwerenso kudzaonana ndi dokotala wamkulu. Anatipatsa mapiritsi okodzetsa n'kutiuza kuti tichepetse mchere.

Mawu akuti ukupopa mwamphamvu ndi amene anandipalira makala. Amalume awo a amuna anga nawonso anatupapo miyendo. Iwowo anauzidwa kuti mtima wakula ndipo wafooka, anapatsidwa mankhwala mitundumitundu, ndipo pofika dzinja anali m'munda wa thonje akupalira. Ndiye amuna anga atabwera anayamba kuwerengera okha. Amalume mtima wofooka, achira. Amayi mtima wamphamvu, akutupabe. Basi, si matenda akuchipatala amenewa.

Ku tchalitchi tinkapita tonse, koma za mdulo palibe amene ankazikana. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, odya ndiwozo amatupa miyendo, amatsokomola, pachifuwa pamawathina. Amene ankaphika pakhomopo ndinali ine, mwamuna ali kutali. Mlandu unatha ndisanafunsidwe n'komwe.

Amuna anga anataya mapiritsi aja m'chimbudzi. Kwa sing'anga anabwerako ndi mizu yosinja yosakaniza ndi mchere wambiri, yoti amayi azinyambita m'mawa ndi madzulo. Amayi ankanyambita poopa mwana wawo. Ine ndinalankhula, ndinatukwana ndithu, koma ndani akanamvera hule? Sabata isanathe kutupa kunafika m'ntchafu. Sing'anga anati mankhwala sakugwira chifukwa wolakwa sanaulule.

Tsikulo ndinali kutongola chimanga pabwalo. Amuna anga anaima patsogolo panga ndi kambale ka mizu ija.

“Tchula dzina lake, kenako uwapatse amayi ndi dzanja lako.”

“Dzina la yani? Ngati pali woyendayenda pakhomo pano, ndi amene amagona ku Lusaka.”

Khofi loyamba linandigwetsa pachimanga. Ndinadzuka n'kuwaluma chala, ndipo sindidandaula. Anandikoka tsitsi mpaka pamtondo, akukuwa kuti mudzi wonse umve kuti ndine hule, ndawadula amayi awo. Anandiponda m'nthiti. Atatola mpini ndinatchinga mutu ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likuti thyo. M'kamwa munadzaza magazi ndi dothi. Azimayi anaima kuseri kwa mpanda, wina ali ndi mwana kumbuyo. Palibe anasuntha.

Anasuntha ndi apongozi. Anatuluka m'nyumba akugwira khoma, akuti, “Musiye, musiye mwana wa eni.” Sanafike pamene ndinali. Anakhala pansi mwadzidzidzi, kukamwa yasa, pachifuwa pakulira ngati madzi akuwira, thovu likutuluka m'milomo. Apo m'pamene mpini unagwa pansi.

Tinakwera kagalimoto kamodzi ka wogula thonje. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi kuti atsamire pa ine, dzanja langa likulendewera. Ku Chipata anawaika mpweya ndi kuwabaya jakisoni wochotsa madzi, ine ananditengera koika pulasitala. Nditabwerera kuwodi ndinapeza dokotala wachizimayi akulankhula ndi amuna anga, iwo akumufotokozera za amalume aja. Anandiyang'ana kumaso kotupa n'kundifunsa ngati ndikufuna kalata yopita nayo kupolisi. Ndinati ayambe andiuza chimene chikudwalitsa amayi, ndipo anene pamaso pa bambowa.

Dokotala anatambasula chikhato. Anati mtima uli ndi ntchito ziwiri, kumasuka kuti magazi alowe, ndi kufinya kuti atuluke. Wa amalume umatseguka kwambiri koma umafinya mofooka. Wa amayi umafinya bwino, n'chifukwa chake makina anaonetsa mphamvu, koma mnofu wake unakhuthala n'kuuma chifukwa cholimbana ndi BP zaka zonsezi. Sumasuka mokwanira. Apa anatsegula zala pang'ono chabe. Magazi ochokera m'mapapo amavutika kulowa, amapanikizana kumbuyo, madzi n'kumadzaza m'mapapo ndi m'miyendo.

“Nanga osawapatsa mankhwala a amalume aja bwanji?” anafunsa amuna anga.

“Ambiri mwa amenewo amathandiza mtima wofooka kupopa, bambo. Kwa odwala ngati amayi phindu lake n'lochepa. Palibe piritsi lofewetsa mnofu umenewu kuti ubwerere mwakale.” Anati chimene angachite n'kuchotsa madzi, kutsitsa BP, kusamala shuga ndi kupewa mchere. Anatchulanso mankhwala ena atsopano, amene anayamba ngati a shuga, oti amachepetsa kugonekedwa m'chipatala, koma sapezeka nthawi zonse. Ngakhale okodzetsawo ngofunika diso, chifukwa akachuluka amayi achita chizungulire ndipo impso zivutika, akachepa madzi abwerera.

Ine ndinafunsa langa. “Adokotala, matendawa angabwere chifukwa cha mkazi wophika?”

“Anayamba inu musanakwatiwe n'komwe, mayi. Chimene chawafikitsa pano lero n'kusiya mapiritsi ndi mchere umene amanyambitawo.”

Amuna anga anayang'ana nsapato zawo. Ndinayembekezera kuti ndimva kukoma, koma ndinangomva mkwiyo.

Kupolisi sindinapite, chifukwa amayi anandigwira chitenje akulira. Ndinapita kwathu ku Mtenguleni. Ankhoswe atabwera ndi nkhuku kuti nkhani ithere m'nyumba, ndinapempha chinthu chimodzi. Bambowo akaime pabwalo pomwe paja, masana, anene mokweza monga anakuwira kuti ananama. Ankhoswewo anayankha kuti mwamuna sachita zimenezo. Ndinawauza ankhoswe anyamule nkhuku yawo.

Amayi anakhalabe ndi moyo nthawi ndithu, akulowa ndi kutuluka m'chipatala. Akagonekedwa ndinkakwera minibasi kukawasambitsa ndi dzanja limodzi. Aliyense wobwera kudzazonda ankamuuza kuti mpongozi wawo alibe mlandu, koma mpweya unkawathera pakati pa mawu, ndipo anthu ankangoti pumulani, mayi. Kumudzi ankaona chimodzi chokha, kuti amalume akulima pamene amayi akutupabe.

Atamwalira ndinapita kumaliro. Ndinalira m'nyumba ya siwa, kenako ndinapita kumafuwa monga achitira mkazi aliyense wa pakhomo. Ndinatola chipande kuti ndivundule nyemba. Mayi wina wa mumphakati wathu wa kutchalitchi, yemwe tinkaimba naye kwaya, anandigwira pamkono wothyoka uja n'kundilanda chipandecho mwaulemu.

“Inu kakhaleni uko, asisi,” anatero. “Anthu akuopa kudya.”