Dazi la Amuna Anga ndi Dzina la Mafuta

Amuna anga atabwerako ku Joni, anandipeza ndikuyenga mafuta a nsatsi ndi a mtedza ogulitsa pamsika wa Namitete. Poti odziwa kulemba anali iwo, anadula timapepala tomata pamabotolo, nalemba kuti "Mankhwala a ku Joni Omeretsa Tsitsi."

Ndinapsa mtima. "Kodi nsatsizi si zakuseri kwa khola lathu? Mafutawa amangofewetsa tsitsi ndi khungu, basi. Ogula adzakalipira ine, osati inu."

"Bodza lake lili pati?" anandifunsa.

Ndinawavula chipewa. Dazi lawo ndinali nditalidzoza mwezi wathunthu, koma linkangonyezimira.

Anaseka mpaka misozi, nalembanso kuti "Mafuta a Nsatsi Ofewetsa Tsitsi" ndi "Mafuta a Mtedza Odzola." Kumsika ankaima pambali panga, chipewa chili m'manja, dazi lili poyera kuti ogula adzionere okha.