Dzanja la achimwene linatsala m'laputopu

Achimwene anga ankalemba zikwangwani. Mukanayenda mumsewu wathu zaka za m'mbuyomu mukanaona dzanja lawo paliponse: pa butchala, pa saluni, kumbuyo kwa malole, ngakhale pakhoma paja analembapo kuti osakodza pano. Anthu ankakodzabe, koma atayamba ayamikira kalembedwe. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, aliyense ankangoti a Bulashi. Chikwangwani chawo choyamba chinali cha pageti la amalume athu ogulitsa simenti, ndipo amalumewo mpaka lero amadandaula kuti mnyamatayo anathera penti yambiri pa zilembo zopiringizika ngati akulemba khadi la ukwati.

Kenako kunabwera makina osindikiza mabanala, ntchito n'kuyamba kuchepa. Zimenezo akanapirira. Chimene chinawathyola msana ndi dzanja lamanja, lomwe linayamba kunjenjemera. Poyamba ankati ndi kuzizira, kenako ankati ndi njala, kenako anangoyamba kuliika m'thumba akamalankhula ndi anthu. Tiyi ankamwa atagwira kapu ndi manja awiri. Ine mlongo wawo wamng'ono ndinkaona zonsezi n'kumakhala chete, chifukwa achimwene ukawamvera chisoni amakwiya sabata yathunthu.

Ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope, ndiye za makompyuta ndimadziwako pang'ono. Tsiku lina anabwera ndi mapepala akale omwe analembapo zilembo zonse dzanja lisanayambe zake. Tinawasikana kuti alowe m'kompyuta, ndipo pa intaneti tinapeza tsamba lomwe linasandutsa zilembozo kukhala fonti, ndiye kuti mtundu wa zilembo woti munthu n'kumatayipira. Tinailowetsa m'laputopu yawo yakale ija, yomwe batire lake linafa moti imayaka pokhapokha ili pamagetsi. Atatayipa mawu oyamba ndi chala chimodzi n'kuona dzanja lawo likutuluka pa sikirini lili nji, osanjenjemera, anatembenukira kukhoma. Akuti m'maso munalowa fumbi.

Kampani ina yosindikiza inkafuna munthu wokonza zilembo za zikwangwani. Achimwene anaitanidwa, ndipo anauzidwa kuti abwere ndi masilaidi a PowerPoint, masamba oonetsa pa sikirini aja, pa fulashi, akaonetse ntchito zawo pa kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano. Nthawi yomweyo amalume anali atawapezera ntchito ya ulonda wa masana pageti lawo lija, yunifolomu atagula kale.

"Ukakanika kumeneko, Lolemba ndikuone pageti," anatero amalume. "Ana sadya zilembo."

Achimwene anavomera, chifukwa madzi anali atafika m'khosi. Masilaidiwo anawapanga okha, sanafune n'komwe kuti ndiwagwire. Ankayala mawu monga ankachitira pakhoma, ndi diso. Akafuna kuti liwu lisunthire kumanja ankangomenya batani la sipesi mpaka lifike pamene mtima wawo wafuna. Akafuna kuti litsike ankamenya Enter. Pa laputopu yawo zinali zokongola zedi, ngakhale ine wa pakamwa ndinasowa ponyoza.

M'mawa wa tsiku lokaonekera ku kampani kuja foni yanga inalira ndili mkati mojambula mapepala a kasitomala.

"Iwe, zilembo zanga palibe."

"Palibe bwanji, achimwene? Fayilo yakana kutseguka?"

"Yatseguka. Koma si zanga izi. Ndi zilembo za pa risiti. Mutu waduka pawiri, wagwera pachithunzi. Mawu ena atuluka kunja kwa silaidi. Iwe, ndiuze, ndaba fayilo ya munthu kapena?"

Anali atafika msanga, ndipo mayi wa pa risepishoni anawalola kuyesa masilaidi awo asanaitanidwe. Ndinadziwa pomwepo chimene chachitika. Fayilo ya masilaidi siinyamula fonti yokha ayi, imangonyamula dzina lake. Ikafika pa kompyuta yomwe ilibe fontiyo, kompyutayo siifunsa munthu, imangotenga ina yomwe ili nayo n'kuikapo. Tsono zilembo za achimwene n'zowonda, zazitali, pamene zolowa m'malozo zinali zonenepa. Mawu omwe ankakwana mzere umodzi anasefukira pa wachiwiri, n'kugwera pazithunzi. Masipesi aja nawonso anasintha kukula, moti chilichonse chomwe anayala ndi diso chinapita kwake.

"Laputopu ili kuti?"

"Kunyumba. Anati tibwere ndi fulashi basi."

"Akuitanani liti?"

"Patsogolo panga pali anthu awiri. Woyamba walowa kale."

Ndinamusiya kasitomala uja ali kukamwa yasa, mapepala ake ali m'makina. Kunyumba kwa achimwene n'kufupi ndi shopu yathu, koma kampaniyo ili kutsidya lina la tauni, kokwera mabasi awiri. Kunyamula laputopu kupita nayo kukanakhala kuthamangitsa mphepo. Ndinafika kunyumba kwawo wefuwefu, alamu ali pa beseni la zochapa.

"Kwagwanji, alamu? Mwamuna wanga wagundidwa?"

"Bola akanagundidwa, tikanadziwa kopita. Laputopu ili kuti?"

Inatenga nthawi yake kuyaka, ngati nkhalamba yodzuka pa mphasa. Ndinatsegula masilaidi, zilembo za achimwene zili phee, zokongola, zosadziwa kuti mwini wake akufa kwina. Pa zosankha za kasungidwe ka fayilo pali kabokosi kochonga kuti mafonti alowe m'fayilo momwemo, aziyenda nayo. Ndinachonga, n'kusunga. Panatuluka uthenga woti fonti imeneyi singasungidwe pamodzi ndi fayiloyi. Si fonti iliyonse imalola zimenezo, ndipo yathuyi, yopangidwa pa tsamba laulere, inali m'gulu la zokana. Ndinaitukwana laputopu ija mawu omwe alamu sanayambe andimvapo ndikulankhula.

Ndinayatsa intaneti ya pafoni, n'kutumiza kafayilo ka fontiyo pa imelo ya mayi wa pa risepishoni, kuti akailowetse m'kompyuta yawo. Kanali kakang'ono, kanafika msanga. Achimwene anawapatsa foni mayiwo.

"Asisi, ndayesa," anatero. "Ikufuna pasiwedi. Makompyuta a kuno anatsekedwa, wolowetsa zinthu ndi wa makompyuta yekha, ndipo wapita ku nthambi ina. Foni sakuyankha."

"Mayi, chonde, yesaninso. Bambo amenewo ali ndi ana."

"Ndikuwaona, asisi. Thukuta lili kamukamu. Ndasintha fonti yonse nthawi imodzi, ndaika ina yowonda. Mitu yabwerera pa mzere umodzi. Koma mawu enawa ndi masipesi okhaokha, ndikakonza apa pakupotoka apo."

Kumbuyo ndinawamva achimwene akuti, "Mayi, mwachita bwino, koma ine ndabwera kudzaonetsa zilembo. Tsono ndikaonetse za eni ake?"

Anali kunena zoona, ndipo zinandipweteka. Munthu wina aliyense akanangosankha fonti yopezeka pa kompyuta iliyonse, n'kuwongola mizere, nkhani n'kutha. Kwa achimwene fontiyo ndiye inali katundu yense.

Panatsala njira imodzi, yomwe inali yoyenera kuchitika dzulo lake: kusandutsa masilaidiwo kukhala PDF pa laputopu yomwe ili ndi fontiyo. PDF imaumitsa tsamba monga likuonekera, ndipo fonti yokana kulowa imajambulidwa ngati chithunzi. Ndinatero, n'kuitsegula kuti ndione. Zonse zinali m'malo mwake. Koma achimwene anali atadzaza masilaidiwo ndi zithunzi zikuluzikulu za makoma ndi malole, fayilo inalemera ngati thumba la simenti la amalume. Ndinayamba kutumiza. Kamzere kosonyeza kuti ikupita kankayenda ngati kakuwerenga mapazi. Alamu anaima pakhomo atakweza foni yanga m'mwamba, thovu la sopo likutsika m'mkono, akupemphera mokweza.

Foni inalira ili m'manja mwawo momwemo.

"Wachiwiri sanabwere," anatero achimwene. Mawu awo anali aang'ono. "Akuti ndilowe."

"Apempheni adikire pang'ono! Yatsala pang'ono, achimwene!"

"Ndapempha. Akuti abwana ali ndi msonkhano wina."

Zomwe zinachitika m'chipindamo anandiuza ndi mayi wa pa risepishoni uja, chifukwa achimwene sanazinenepo mpaka lero. Munali abwana ndi mkulu wa okonza zithunzi. Achimwene anafotokoza kuti zilembo zawo zatsala kunyumba, zikubwera. Abwanawo sanali munthu woipa, ankaganiza kuti akuwathandiza. Anatenga cholembera cha pa bolodi loyera n'kuwapatsa.

"Musavutike, bambo. Makompyuta ndi choncho. Inu ndinu mmisiri, ingotilemberani apa dzina la kampani yathu tione."

Achimwene anatulutsa dzanja m'thumba. Akuti anaima nthawi yaitali atayang'ana bolodi. Kenako analemba. Chilembo choyamba chinatuluka chamanomano ngati mpeni wa buledi. Anafufuta ndi chikhatho, n'kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kuyambanso. Chachiwiri chinaposa choyamba kuipa. Cholembera chinkangogogoda pa bolodi.

Nthawi imeneyo n'kuti ine kunyumba ndikukuwa kuti yapita, yapita, alamu akulumpha. Mayi uja anailandira fayiloyo, analowa osagogoda n'komwe, n'kuitsegula pa sikirini yaikulu. Zilembo za achimwene zinadzaza khoma, zowongoka, zonyada, mutu uliwonse pamalo pake. Pambali pake penipeni panali bolodi lija ndi zomwe anali atangolemba.

Abwana anayang'ana sikirini, anayang'ana bolodi, n'kuyang'ananso sikirini.

"Izi ndiye zokongola kwambiri, bambo," anatero. "Anakulemberani ndani?"

Akuti achimwene anaika cholembera pa tebulo bwinobwino, anathokoza, n'kubweza dzanja m'thumba. Kampaniyo inati idzaimba foni, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Madzulo ake achimwene anabwera ku shopu. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna akalipe, koma anangondipatsa fulashi.

"Undiikiremo ija yosasunthayo," anatero. "Iwe umati chiyani? PDF."

Ndinawaikira. Ndinachepetsanso zithunzi kuti isamalemere, ndinachotsa masipesi onse m'masilaidi n'kuyala mawu m'mabokosi ake, ngakhale panalibe amene anandituma. Ndinkangofuna manja anga akhale ndi chochita kuti ndisalire pamaso pawo.

Lolemba anavala yunifolomu. Ndi yaikulu, mapewa ake amagwera m'mikono. Fulashi ija amayenda nayo m'thumba la malaya, sindidziwa kuti akuyembekeza kudzaionetsa kwa ndani. Ndikamadutsa pa basi ndimawaona atakhala pa kampando pageti la amalume, ndipo pamwamba pa mutu wawo pali chikwangwani chija, penti itasuluka koma zilembo zikadali chilili. Tsiku lina dalaivala wa lole akudikira kuti amutsegulire anakweza maso n'kunena kuti amisiri olemba chonchi anatha, onse anamwalira. Achimwene anati eya, n'kumutsegulira geti.