Mawu awiri a alamu anga

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Chingerezi changa ndi cha pa belo la fodya, nambala ndi giredi, basi. Ndiye mwana wanga wamkazi ataphonya kirediti ya Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, ndinati abwereze. Ankafuna unamwino, ndipo kumeneko wopanda kirediti imeneyo samuyang'ana n'komwe. Ndinamuuziratu kuti mphamvu zanga ndi za chaka chimodzi chokha.

Anatisokoneza ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene anagwirapo ukalaliki pa esiteti ina cha ku Chamama. Munthu woyenda ndi bolopeni pathumba ngakhale popita kudimba. Tsiku lina anatenga kope la mwanayo n'kupukusa mutu.

"Alamu, Chingerezi ichi n'chowonda. Ochonga mayeso amafuna mawu onenepa. Aziyamba chiganizo chilichonse ndi however, chinacho moreover. Mabwana amalemba choncho."

Ine ndinamva kukoma. Ndinalamula mwana kuti azitero. Popeza kuwerenga Chingerezi sindingathe, ndinkangosaka mawu awiriwo ndi chala. Akachepa patsamba ndinkakalipa.

"Ababa, aphunzitsi amakana zimenezi."

"Aphunzitsi ako anakhalapo muofesi?"

Mayeso oyeserera atabwera, pepala la chimangirizo linali magazi okhaokha. Mawu onse a alamu atazingidwa ndi bolopeni yofiira. Ndinapalasa njinga mpaka kusukulu, thukuta kamukamu. Aphunzitsi ake anali mayi wamng'ono thupi, amene ankatsalira ndi ana masana kuwaphunzitsa kulemba.

"Mwadula Chingerezi cha mwana wanga chifukwa chiyani? Nsanje?"

"Khalani pansi, bambo. Ndikuwerengereni m'Chichewa zimene walemba."

Anawerenga. "Alimi ambiri amalima fodya. Komabe, fodya amabweretsa ndalama. Kuwonjezera apo, mitengo ikutha. Komabe, anthu amadula mitengo yomangira zigafa. Kuwonjezera apo, mvula..."

Ndinamva ngati ndikumvera chidakwa pamaliro.

"Mwamva?" anatero. "However ndi komabe. Amabwera pamene ukutembenuka kutsutsa zimene wangonena. Apa akutsutsa chiyani? Moreover ndi wosanjikiza mfundo ina pamwamba pa inzake yolowera komweko. Pa mitengopa pamafunika because, chifukwa akupereka chifukwa. Pa mvulapa as a result, poti ndi zotsatira. Pena sipafunika kanthu, ungobwereza liwu loti mitengo, kapena kunena kuti iyo, wowerenga akutsata yekha. Inu mumasoka fodya. Chingwe chimagwira masamba, koma kodi ku okushoni mumagulitsa chingwe?"

Ndinamva. Ndisaname, ndinamva bwinobwino. Belo lopezeka ndi zingwe m'kati amalibweza, ndikudziwa. Koma pawindo panali ana a sukulu akusuzumira, ena akuseka chikhatho chili pakamwa. Ine bambo wa ndevu zanga, kuphunzitsidwa za fodya ndi munthu amene sanathyolepo tsamba!

"Mwana wanga sadzatsaliranso masana," ndinatero. "Tili nawo ophunzira kwathu."

"Bambo, kwatsala miyezi iwiri. Ndipatseni milungu itatu yokha."

Ndinatuluka osatsanzika.

Miyezi iwiriyo mwana ankaweruka n'kubwera kunyumba, alamu n'kumakhala naye pakhonde Loweruka lililonse. Anamulembera ndime zathunthu zoti aloweze, zodzaza ndi mawu awo aja. Iye anasiya kutsutsa. Ankangoti, "Chabwino malume." Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa chigafa akulemba m'kope lina, lobwereka kwa mnzake wa maphunziro a masana. Ndinamulanda n'kukabweza ndekha. Inde, ndinachita zimenezo ine.

Zotsatira zinatuluka tikuthirira nazale. Bayoloje kirediti. Masamu kirediti. Chingerezi 7, kungokhoza chabe, chimodzimodzi chaka chatha. Kusowa sitepe imodzi.

Sindinganene kuti ochonga anaona chiyani papepala lake, sindinaliko. Mwina panali zolakwa zinanso. Koma munthu amene akanazikonza ndinamuchotsapo ndine.

Ndinapita kwa alamu nditanyamula kapepalako. Anakayang'ana, kukatembenuza, n'kundibwezera.

"Ochonga a masiku ano sadziwa Chingerezi, alamu. Komanso mwanayu mutu wake ndi wa kuchimuna."

Akanapanda kukhala achimwene a mkazi wanga, bwenzi lero ndikulemba izi ndili kundende. Ndinangowauza kuti phazi lawo lisapondenso pakhomo panga. Mkazi wanga sanandiyankhule sabata yathunthu.

Madzulo a tsiku lomwe ndinachokera kwa alamulo ndinamuitana mwana. Ndinati ndigulitsa ng'ombe imodzi yapangolo, abwerezenso kachitatu, ndipo kwa aphunzitsi aja ndikapepesa ndekha, pamaso pa ana omwewo.

Anali akutsuka ndowa. Sanadzutse mutu.

"Ng'ombeyo isiyeni, ababa. Ine cholembera sindidzagwiranso."

Mwezi wotsatira anapita ku Kasungu boma kukagulitsa m'sitolo ya mwenye. Akabwera amatipatsa moni mwaulemu, amafunsa za fodya. Za sukulu ndikangoyamba, amadzuka n'kupita kwa amayi ake.